Makina a khadi netiweki ikasowa

"Netiweki inasowa kushopu kwanga, koma makina a khadi anatulutsa risiti. Ndalamazo zalowa?"

Achimwene, sizinalowe. Makinawo alemba malondawo m'kati mwake, nambala ya khadi itabisidwa, ndipo adzawatumiza kubanki netiweki ikabwerera. Musawafufute kapena kuwasinthitsa asanatumize, zingatayike.

Vuto n'lakuti banki sinaone ngati muakaunti ya wogulayo muli ndalama. Ine ndinagulitsa matumba awiri a simenti mwanjira imeneyi, madzulo makina atatumiza, khadiyo inakanidwa, munthu atapita kalekale. Chiyambire pamenepo ndimalola ndalama zochepa zokha, ndipo potseka ndimasindikiza lipoti la tsikulo n'kuyerekeza ndi marisiti.

Zikapanda kugwirizana, imbirani banki imene inakupatsani makinawo, marisiti ali m'manja.