Chiwongoladzanja cha 5 peresenti pamwezi: pachaka ndi zingati?

"Bungwe lina laling'ono likubwereketsa ndalama pa 5 peresenti pamwezi. Ndiye kuti pachaka ndi 60 peresenti basi?"

Ayi, 60 wabwera chifukwa mwangochulukitsa 5 ndi 12, ngati kuti chiwongoladzanja nachonso sichibereka. Tiyerekeze kuti mwakongola 100,000 ndipo simukubweza kalikonse. Mwezi woyamba ukatha ngongole ili pa 105,000. Mwezi wachiwiri 5 peresenti uja amuwerengera pa 105,000, ndiye ifika 110,250. Pofika mwezi wa 12 ili pa 179,586. Choncho chiwongoladzanja chenicheni cha pachaka ndi 79.6 peresenti. Mu Excel lembani chonchi:

```
=(1+0.05)^12-1
```

Ngati muli ndi kakyuleta ya pafoni chabe, chulukitsani 1.05 ndi 1.05 mpaka akwane 12, kenako chotsanipo 1. Njira zonse ziwiri zikupatsani 0.796, kutanthauza 79.6 peresenti.

Koma musanakhulupirire 79.6, funsani kaye kuti 5 peresentiyo amamuwerengera pa ndalama ziti: pa ngongole yotsala, kapena pa ndalama zonse zimene munatenga poyamba? Obwereketsa ena amatsata njira yachiwiriyi, ija amati fulati, ndipo apa ndi pamene anthu amapusitsikira. Siivuta kuizindikira. Onani pepala la kabwezedwe: ngati chiwongoladzanja chikukhala 5,000 mwezi uliwonse chonsecho ngongole ikutsika, ndi fulati imeneyo.

Titenge 100,000 yomweyo, yobweza m'miyezi 6. Pa fulati chiwongoladzanja chonse ndi 30,000, ndiye muzipereka 21,667 pamwezi. Vuto ndi lakuti mwezi womaliza mwatsala ndi kangongole kochepa, koma akukulipiritsanibe ngati 100,000 yonse ikadali m'manja mwanu. Akadawerengera pa yotsala, bwenzi mukupereka 19,702. Kuti mupeze peresenti yeniyeni ya pamwezi, ikani miyezi, ndalama yobweza pamwezi, ndi ndalama imene mwalandira:

```
=RATE(6,-21667,100000)
```

Musaiwale kachizindikiro kochotsera patsogolo pa 21667, apo ayi Excel ikubwezerani #NUM!. Yankho ndi 0.0805, kutanthauza 8.05 peresenti pamwezi. Ikani 0.0805 m'malo mwa 0.05 mu fomula yoyamba ija, mupeza 153 peresenti pachaka.

Palinso ndalama zimene amadula musanalandire, kaya ya fomu kaya ya inshuwalansi. Akadula 3,000, m'manja mwanu mwafika 97,000 koma mubweza 21,667 yomwe ija. Sinthani 100000 ikhale 97000: pamwezi ikwera kufika 9.07 peresenti, pachaka pafupifupi 183. Kudula 3 peresenti yokha kwawonjezera 30 pamwamba, chifukwa ngongoleyi ndi yaifupi. Ndipo ngati akuti muzibweza sabata iliyonse, mu RATE ikani kuchuluka kwa masabata ndi ndalama ya pasabata, ndipo 12 wa mu fomula yoyamba akhale 52.