Chizindikiro cha $ chachikasu pa YouTube Studio

"Vidiyo yanga yasintha kuchoka pa $ yobiriwira kupita pa yachikasu. Kodi ndalama zatha?"

Ayi achimwene, sizinathe, zachepa chabe. Yachikasu ikutanthauza kuti otsatsa malonda ambiri akuyizemba vidiyoyo, ena ochepa okha ndiwo atsala, nthawi zina palibiretu. Kawirikawiri vuto limakhala mawu otukwana ochuluka, zithunzi za magazi, kapena mutu wa vidiyo womwe. Yoopsa ndi yofiira: kambiri ndi nyimbo ya eni ake, ndipo pamenepo simulandira kanthu. Yotuwa ndiye kuti simunayatse malonda.

Makina amalakwitsa ndithu. Ngati mukudziwa kuti vidiyo ilibe vuto, dinani "Request review", munthu ayione. Ine ndimayamba ndayiyika pa "Unlisted", chizindikiro chikhazikike kaye, kenako ndiyitulutse.