Ndinagunda ng'ombe ndili ndekha, bwanji a inshuwalansi akukana kulipira?

"Ndinagunda ng'ombe pa msewu wa M1 pafupi ndi Dedza, galimoto n'kuphwanyika kutsogolo. A inshuwalansi akukana kulipira chifukwa pa fomu ndinalemba kuti ndi yoyendera banja, pamene Loweruka lililonse ndimanyamulira anthu olipira. Tsikulo ndinali ndekha. Kodi zikukhudzana bwanji?"

Pepani bambo, koma pamalamulo kampaniyo ili ndi poimira. Mgwirizano wa inshuwalansi umafuna kukhulupirika kotheratu, chifukwa amene amadziwa mmene galimoto imagwirira ntchito ndi mwini wake, pamene kampani imaika mtengo potengera zimene yauzidwa. Mfundoyi inafotokozedwa ndi woweruza Mansfield ku Mangalande mu 1766, pa mlandu wa Carter ndi Boehm wokhudza inshuwalansi ya linga la pa chilumba cha Sumatra limene Afalansa analanda, ndipo makhoti athu anaitengera ku malamulo a Angerezi.

Chimene chimapweteka ambiri n'chakuti khoti silifunsa ngati chobisidwacho ndicho chinachititsa ngozi. Limafunsa ngati kampani yosamala, ikanachidziwa tsiku losainirana, ikanasintha mtengo kapena kukana kumene. Tiyerekeze kuti munkalipira K300,000 pachaka, pamene galimoto yonyamula anthu ikanalipiritsidwa K500,000 chifukwa imayenda maulendo ambiri ndipo ikachita ngozi ovulala amachuluka. Kusiyana kwa K200,000 kumeneko ndiko umboni wakuti nkhani ya Loweruka inali yofunika kuiulula. Zikatero, pamalamulo akalewo kampani ikhoza kuthetsa mgwirizano wonse ngati kuti sunakhalepo, n'kukubwezerani zimene munalipira m'malo mokonza galimoto, ndipo ikatsimikizira kuti munanamiza dala, ngakhale ndalamazo ikhoza osabweza. Ine ndimaona kuti lamuloli ndi lankhanza kwa munthu amene anangolakwitsa, ndipo Angerezi eni ake analifewetsa ndi malamulo a 2012 ndi 2015.

Musanataye mtima, pemphani kope la fomu imene munasaina ndi kalata yofotokoza chifukwa chokanira. Onani tsiku. Ngati munayamba kunyamula anthu mutasaina kale, ndiye kuti simunabise kanthu pa tsikulo, ndipo nkhani itembenukira ku ndime ya chikalata chanu yonena za ntchito zololedwa, pamene kukhala kwanu nokha paulendowo kungakuthandizeni. Kampani iyeneranso kusonyeza kuti yankho lanu ndilo linaichititsa kuvomera pa mtengo umenewo. Ngati imalipiritsa mofanana mbali zonse, kapena inkadziwa kale, mfundo yake imafooka.

Pamene sindingakupatseni chiyembekezo chachikulu ndi ponena kuti fomu anakulemberani ndi ejenti, poti makhoti kawirikawiri amaona kuti wosaina wavomereza zonse zolembedwa. Mukaona kuti yankho la kampani silikugwirizana ndi zikalatazo, dandaulo mungalipereke ku Banki Yaikulu ya Malawi, imene imayang'anira makampani a inshuwalansi, mutaphatikiza fomuyo, lipoti la apolisi ndi kalata yokanira.