Magazi a changu akabwera benchi ili yodzaza

"Achimwene, ndimagwira ntchito mu labotale pa chipatala china kuno ku Mchinji, ndipo masiku ambiri ndimakhala ndekha pa shifiti. Panja anthu ali thothotho pa benchi, koma kukhomo lakumbuyo sikutha anthu: namwino ndi magazi a changu, mnzanga ndi m'bale wake, abwana pa foni. Odikira amandinena kuti ndimakondera. Nditani?"

Achemwali, onse olowera kumbuyo amati zawo n'zachangu, ndiye mawu amenewo paokha asakudzidzimutseni. Funsani funso limodzi musanalandire botolo: wodwalayu akadikira ola limodzi, chimuchitikire n'chiyani? Namwino amene wasiya mayi akutaya magazi sachedwa kuyankha. Wobweretsa msuweni wake amayamba kufotokoza za minibasi ya ku Kamwendo imene ikumusiya.

Anzathu a ku wodi ya ana ali kale ndi njira yotere, ya ETAT, imene inayesedwa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Amagawa ana patatu: amene moyo wake uli pachiswe amathandizidwa pompo, wofunika kuonedwa msanga amapita kutsogolo kwa mzere, otsalawo amadikira. Mabotolo anu muwagawenso chimodzimodzi.

Tiyerekeze kuti ndi Lolemba m'mawa mwezi wa February, malungo ali pachimake. Mwadontheza kale magazi a ana asanu pa timakaseti toyezera malungo, ndipo singano ili m'manja, mukutenga magazi a agogo ena. Namwino wa ku matenite akulowa akuthamanga: mayi wachira kumene koma magazi sakuleka. Awa ndi a pompo, palibe zokambirana. Komabe agogowo musawasiye botolo lawo lisanalembedwe dzina. Malizani, lembani dzina ndi nambala pomwepo iwo akuona, kenako tembenukani. Sizitenga ngakhale mphindi imodzi, ndipo mphindi imeneyo ndimaiumirira kwambiri, chifukwa botolo lopanda dzina likagona pa tebulo pafupi ndi linzake, palibe amene angalumbire kuti ili ndi la uje. Botolo la namwinoyo nalonso liyang'aneni. Ngati dzina la pa botolo likusiyana ndi la pa fomu, kapena palibiretu, akatengenso ena. Kuika munthu magazi a gulu losagwirizana ndi lake kungamuphe, ndipo zolakwika zotere zimakonda kuchitika nthawi yothamanga ngati imeneyi.

Nanga timakaseti tija? Tili ndi nthawi yake yowerengera yolembedwa m'bokosi, kawirikawiri mphindi 15 kapena 20, ndipo tikakhalitsa timatha kuonetsa kamzere kabodza. Choncho zolowerani kulemba nthawi pa kaseti iliyonse mukangodontheza, ndipo tcherani alamu. Kuyeza kuchuluka kwa magazi a mayiyo pa makina a HemoCue ndi kupeza gulu lake sizidya nthawi yaitali, ndiye alamu ikalira mukhoza kuponya diso pa makaseti, kulemba zotsatira, n'kubwerera kukayesa ngati magazi a mu firiji akugwirizana ndi ake. Mukapeza kaseti yapitirira nthawi, itayeni, mumubayenso mwanayo ndi kupepesa kwa mayi ake. Osalemba zongoganizira.

Musanazame m'ntchito ya mayi uja, suzumirani panja munene mokweza kuti, "Pepani makolo, kwabwera mayi amene akutaya magazi, ndipatseni theka la ola, mzere wanu sunasokonekere." Anthu a pa benchi ambiri anachoka kwawo kusanache, ena pa kabaza. Chimene chimawawawa si kudikira kokha ayi, koma kuona anthu akulowa ndi kutuluka popanda wowauza chifukwa chake.

Za m'bale wa mnzanu n'zimene zimavuta mumtima, poti mawa mudzadyera limodzi nsima. Musamukanize mwaukali, mupatseni nthawi yeniyeni: "Alembetse ngati ena onse, akhale pa benchi, ndikawafika ndiwathandiza bwinobwino." Mukalola mmodzi lero, mawa abwera atatu, ndipo mlandu wokondera uja udzakhala woona. Abwana ofuna lipoti auzeni zomwe zili pa tebulo, muwafunse ngati angadikire mpaka masana. Ambiri akamva za mayi wotaya magazi amavomera okha.

Chilichonse cholowera kumbuyo chilowenso m'kaundula: nthawi, amene wabweretsa, ndi chifukwa chake. Wodzakulandirani shifiti adzadziwa zimene zatsala m'njira, monga magazi amene mwasungira mayi uja. Pakatha mwezi, tengani kaundulayo ku msonkhano wa m'mawa. Ngati akuonetsa kuti magazi a ku wodi amabwera limodzilimodzi m'mawa wonse, pemphani kuti osakhala a changu azibwera pamodzi madokotala akamaliza kuyendera odwala, ndiponso kuti Lolemba muzikhala awiri.