Chiponde chimodzi, phindu pawiri

"Ankolo, ndikuphunzira akawunti ndipo ndimalemba mabuku a bizinesi ya chiponde ya amayi ku Kamwendo. Njira ya majinolo ikundipatsa phindu la K560,000, ya abuzopushoni K640,000. Ndalakwitsa pati? Loona ndi liti?" Wophunzira, Mchinji

Mphwanga, masamu ako alibe vuto: majinolo ndi abuzopushoni ndi njira ziwiri zowerengera mtengo wopangira katundu, ndipo zimatha kupereka phindu losiyana. Chaka chilichonse mayeso akayandikira ndimalandira kalata ngati yakoyi, ndipo palibe amafunsa zoyenera kufunsa: mabotolo otsala pashelefu ndi angati?

Papepala lako walemba kuti munapanga mabotolo 1,000, mwagulitsa 800 pa K3,000. Mtedza, mchere ndi botolo zimadya K1,800 pa lililonse. Lendi ya shedi ndi malipiro a wogaya ndi K400,000 pamwezi, mupange musapange.

Majinolo ilibe chisoni. Botolo lililonse logulitsidwa limasiya K1,200, onse 800 asiya K960,000, ndipo imachotsapo K400,000 yonse mwezi womwewo. Kwatsala K560,000.

Abuzopushoni imagawira K400,000 ija mabotolo onse 1,000, lililonse lisenze K400. Tsono 200 sanagulidwe. Agona pashelefu ndi K400 yawo yawo, pamodzi K80,000, ndipo ndalama imeneyo sinawerengedwe ngati yowonongedwa mwezi uno. Kusiyana kwako ndi kumeneko. Mwezi wamawa mukapanga 1,000 n'kugulitsa 1,200, zidzatembenuka: majinolo idzaposa inzake ndi K80,000 yomweyo. Katundu wotsala akachuluka, abuzopushoni imakwera; akachepa, imatsika; akakhala chimodzimodzi, ziwirizi zimafanana. Pamayeso, chulukitsa kusintha kwa katundu wotsala ndi K400 ija, ukapeza nambala yosafanana ndi kusiyana kwa phindu la njira ziwirizi ndiye kuti walakwitsadi. Kawirikawiri amakhala kuti wina waphatikiza thiransipoti yopita kumsika pa mtengo wopangira, pomwe sikwawo.

Loona ndi liti? Lamulo la akawunti la mayiko ambiri lotchedwa IAS 2 limafuna abuzopushoni pa mabuku a pachaka opita kwa anthu akunja. Koma amayi akamaganiza zolandira oda yotsika mtengo ya golosale ya paboma, ayang'ane majinolo. M'thumba mwawo ndalama ndi imodzimodzi, ungawerenge bwanji.

Chondidetsa nkhawa ine ndi mabotolo 200 otsala aja. Unawawerenga ndi manja, kapena unangochotsa 800 pa 1,000? Ndimazidziwa nyumba zathu. Azakhali adutsa atenga awiri "a ana", alamu atatu "tidzaonana pa 30", kumaliro kwapita katoni, ndipo m'kope mulibe ngakhale kadontho. Ngati pashelefu pali 160 okha, 40 osowawo pa K2,200 lililonse, kutanthauza K1,800 kuphatikiza K400 ija, ndi K88,000, kuposa kusiyana kumene kukukusowetsa tuloku. Abuzopushoni ikhala ikusungitsa lendi m'mabotolo amene anatha kale kutendera nkhwani.

Loweruka lino tseka shedi, werenga botolo limodzilimodzi, ndipo utsegule tsamba lapadera la zotengedwa ndi achibale, dzina ndi tsiku. Amayi akakalipa, uwauze kuti ndine ndakutuma.