Shuga akatsika munthu ali kudimba

"Bambo anga ku Nchalo amabaya insulini. Dzulo ali kudimba anayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta lambiri, ife n'kumati ndi dzuwa. Tingadziwe bwanji kuti shuga watsika, ndipo tiwapatse chiyani?"

Achemwali, kuno kuchigwa thukuta silodabwitsa, n'chifukwa chake chizindikiro chimenechi chimasokoneza anthu ambiri. Muwakhudze pakhungu: thukuta la shuga wotsika limakhala lozizira, ndipo limabwera pamodzi ndi kunjenjemera kwa manja, njala yadzidzidzi, mtima kugunda mothamanga ndi chizungulire. Shuga akapitirira kutsika, munthu amakwiya popanda chifukwa, amaona mwachimbuuzi, amalankhula ndi kudzandira ngati waledzera. Zimenezi zimachitika kawirikawiri kwa amene wabaya jekeseni m'mawa, n'kunyamula khasu asanadye mokwanira, pakuti ntchito yolemetsa nayonso imatsitsa shuga.

Chotsimikizira ndi kamakina koyezera. Kakaonetsa nambala yochepera 70 mg/dL, shuga watsika. Makina ena amawerenga mu mmol/L, ndipo pamenepo malire ndi 3.9. Kuchepera 54 mg/dL ndi ngozi yeniyeni. Ngati kamakina katsala kunyumba koma zizindikiro zilipo, musadikire kuyeza, apatseni shuga, chifukwa kukwera pang'ono sikuwapweteka monga mmene kukomoka kungawapwetekere.

Muyezo wake ndi magalamu 15 a shuga wolowa m'magazi msanga. Amenewa ndi timasupuni tinayi ta tiyi ta shuga, tosasefukira, tosungunula m'madzi pang'ono, kapena supuni yaikulu imodzi ya uchi, kapenanso theka la botolo la Fanta la mamililita 300, osati chakumwa chimene analembapo kuti mulibe shuga. Tiyerekeze kuti mwawayeza n'kupeza 58. Akhale pansi pamthunzi, amwe madzi a shugawo, ndipo mudikire mphindi 15 musanayezenso. Mukapeza 65, muwapatsenso magalamu 15 ena n'kudikira mphindi zina 15. Akadutsa 70, adye chakudya chokhalitsa m'mimba monga mbatata kapena nsima, pakuti shuga wakumwa satenga nthawi kutha pamene insulini ija ikugwirabe ntchito. Mtedza, mandasi ndi nsima si zoyambira, zimachedwa kugayika. Ndikudziwa kuti mtima umafuna kuwamwetsa botolo lonse, koma kutero kumakweza shuga mopitirira muyezo.

Ngati akomoka kapena akulephera kumeza, musawathire kalikonse m'kamwa chifukwa angatsamwe. Muwagoneke cham'mbali ndipo muthamangire nawo kuchipatala. Muchite chimodzimodzi ngati mwabwereza katatu koma nambala sikukwera.

Za dzulozi mukazifotokoze kuchipatala kumene amalandirira mankhwala, mutalemba nthawi imene anabaya, zimene anadya ndi nthawi imene anayamba kunjenjemera, kuti adokotala aone ngati mlingo wa insulini ukufunika kusintha. Kuyambira mawa, kapepala ka shuga kazikhala m'thumba lawo popita kudimba, ndipo amene amalima nawo adziwe kuti kali m'thumba liti.