Chifukwa chake wosuta fodya amatsokomola mmawa, ndipo akasiya kusuta chifuwa chimayamba chakula

"Bambo a kunyumba asuta fodya kwa zaka zoposa 20, ndipo mmawa uliwonse ankatsokomola ndi kulavula makhololo. Mwezi watha anasiya kusuta, koma tsopano akutsokomola kuposa kale, moti akunena kuti fodya ndiye ankawathandiza. Kodi chikuchitika m'chifuwa mwawo n'chiyani?" (Mayi wina wa ku Katete)

Amayi, fodya sankawathandiza. Kuti zimenezi zimveke, tiyambe ndi mmene chifuwa cha munthu wosasuta chimadziyeretsera, pakuti ntchito imene utsi umawononga ndi yomweyo.

Munthu wamkulu amapuma mpweya wokwana malita pafupifupi 10,000 patsiku, ndipo kuno kwathu mpweyawo suli woyera, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala pamene misewu yafumbi yauma, tchire likutenthedwa ndipo mphepo ikunyamula phulusa. Fumbi lalikulu limakodwa m'mphuno n'kutuluka ndi mamina. Laling'ono limadutsa n'kulowa mu mpope wa mpweya umene umatsika kuchokera pakhosi n'kugawikana nthambi zambirimbiri m'mapapo. Mkati mwa mipope imeneyi muli zinthu ziwiri zimene zimagwirira ntchito pamodzi. Choyamba ndi utomoni woterera wonga mamina, umene umapangidwa ndi maselo ena a m'khoma la mpope ndiponso timatumba tokhala pansi pa khomalo. Chachiwiri ndi tiubweya tating'ono kwambiri totchedwa siliya, timene sitioneka ndi maso: selo limodzi limakhala ndi tiubweya pafupifupi 200, ndipo kalikonse n'kotalika mamaikulomita 6 kapena 7, pamene maikulomita 1,000 ndiwo amakwana milimita imodzi.

Utomoniwo sumakhala pa tiubweya mwachisawawa. Pansi pali madzi opepuka amene tiubweya timayendamo momasuka, ndipo pamwamba pa madziwo pamayandama utomoni wolimbirako umene umagwira fumbi, mwaye ndi tizilombo toyambitsa matenda. Kaubweya kalikonse kamawongoka n'kukankha utomoni ndi nsonga yake, kenako kamapindika n'kubwerera m'munsi mwa madzi osaukhudza utomoniwo, monga mmene wosesa amakankhira zinyalala kutsogolo n'kunyamula tsache pobwerera. Tiubweyati timachita zimenezi maulendo oposa 10 pa sekondi imodzi, usana ndi usiku, ndipo tonse timakankhira mbali imodzi, ya kukhosi.

Tiyerekeze kuti kachidutswa ka fumbi kamatirira kumunsi kwa mpope waukulu, umene kwa munthu wamkulu ndi wotalika masentimita 10 mpaka 12. Mu mpope umenewu utomoni umayenda pakati pa theka la sentimita ndi sentimita imodzi pa mphindi, choncho kachidutswako kamafika pakhosi pasanathe theka la ola, ndipo mwini wake amakameza osadziwa n'komwe. M'mimba asidi amapha tizilombo tambiri timene tabwera nako. M'nthambi zazing'ono ulendowu umachedwerapo, komabe zambiri zimene zagwera pamalo a tiubweya zimakhala zitachoka tsiku lisanathe. N'chifukwa chake munthu wathanzi satsokomola ngakhale kuti chifuwa chake chimatulutsa utomoni tsiku lililonse. Njira imeneyi ili ndi polekezera: m'timatumba ta mpweya ta kumapeto kwenikweni kwa mapapo mulibe tiubweya, ndipo tinthu tochepera mamaikulomita 2.5, monga ta mu utsi, tikafika kumeneko timayembekezera maselo ena oteteza thupi kuti atimeze, ntchito imene imatenga nthawi yaitali.

Utsi wa fodya umaukira njira imeneyi kumbali zonse nthawi imodzi, ndipo zilibe kanthu kaya ndi ndudu yogula m'sitolo kapena fodya wa kudimba wopichira papepala. Mu utsimo muli mankhwala monga akilolini ndi fomadehaidi amene amafooketsa tiubweya, moti timakankha pang'onopang'ono ndiponso mosagwirizana. Kusuta kukapitirira zaka, tiubweya timafupika, tina timathothoka, ndipo pamalo ena khoma la mpope limasintha n'kukhala la maselo aphwatalala opanda ubweya uliwonse. Pa nthawi yomweyo thupi, poyesa kudziteteza ku utsi woyabwawo, limachulukitsa maselo opanga utomoni ndi kukulitsa timatumba topanga utomoni tija. Utsi umachepetsanso madzi a pansi aja, choncho utomoni umalimba n'kupsinja tiubweya totsalato. Mapeto ake katundu wachuluka pamene omunyamula achepa.

Utomoni umene sukuyenda umasanduka makhololo, ndipo njira yokhayo yotsala yowachotsera ndi kutsokomola. Usiku munthu akagona satsokomola kwenikweni, motero makhololo amaunjikana, ndipo akadzuka chifuwa chimagwira ndi mphamvu ntchito imene tiubweya tikanaigwira mwakachetechete usiku wonse. Kutsokomola kumakankha bwino makhololo a m'mipope yaikulu, koma a m'tinthambi tating'ono sikuwafika mokwanira, ndipo mmenemo tizilombo timapeza pokhala. Ichi n'chifukwa chake chimfine chimene ena amachira pa sabata imodzi chimatsikira m'chifuwa mwa wosuta n'kukhalitsa. Achipatala amati munthu ali ndi matenda okhalitsa a mipope ya mpweya ngati amatsokomola makhololo kwa miyezi 3 kapena kuposerapo pachaka, zaka ziwiri zotsatizana, ndipo osuta ambiri amafika pamenepa akuganiza kuti ndi chifuwa wamba.

Bambowo atasiya fodya, tiubweya totsala tinayamba kupezanso mphamvu ndipo maselo atsopano aubweya anayamba kumera, pamene timatumba topanga utomoni sitinabwerere msanga mwakale. Makhololo amene anali atakhazikika pansi akukwezedwa tsopano kufika pamalo amene amayambitsa chifuwa. Zimenezi sizichitika kwa aliyense wosiya, koma sizachilendo, ndipo kawirikawiri zimatenga masabata angapo kenako chifuwa chimayamba kuchepa pang'onopang'ono m'miyezi yotsatira. Ndudu imodzi ingaoneke ngati yachiziziritsa, koma imakhala itangobwezera tiubweya m'tulo n'kusiya makhololo pomwe anali. Mwa maganizo anga, ino ndiyo nthawi yoopsa kwambiri kwa wosiya fodya, chifukwa thupi lake lomwe limaoneka ngati likumupatsa chifukwa chobwererera. Chimene sichibwerera mwakale ndi timatumba ta mpweya timene taphulika kale chifukwa cha utsi. Kusiya kumaimitsa kuwonongeka kofulumirako koma sikumanganso timene tagumuka, choncho ngati anali atayamba kale kubanika pokwera chitunda, mwina kubanikako sikudzatheratu.

Pakadali pano azimwa madzi okwanira kuti makhololo asalimbe mopitirira, asamamwe mankhwala oletsa kutsokomola popanda kuuzidwa ndi achipatala, ndipo azipewa utsi wa nkhuni m'khitchini yotsekeka, chifukwa nawonso umavutitsa tiubweya tomweto.

Komabe musangodalira kufotokoza kwangaku, chifukwa chifuwa chachikulu cha TB chimatha kubisala kuseri kwa chifuwa cha fodya, ndipo osuta ali pa chiopsezo chachikulu chochidwala. Popeza chifuwa chawo chasintha ndipo chapitirira masabata awiri, apite kuchipatala chapafupi akapereke makhololo kuti ayezedwe. Asachedwe n'komwe ngati m'makhololo muli magazi, ngati akutuluka thukuta usiku, akuwonda, akumva kutentha thupi, mawu asasa kwa nthawi yaitali kapena akupuma movutikira kuposa kale. Akafika kumeneko anene zaka zimene asuta ndiponso tsiku limene anasiya, pakuti zimenezi zimathandiza wachipatala kuona ngati pakufunikanso kujambula chifuwa.